Kufupikitsa nthano yaitali kuti ikwane ndime imodzi ya ana aang'ono: chitsanzo cha Kalulu ndi chitsime

Nthano ya Kalulu ndi chitsime, ikamakambidwa ndi munthu woidziwa, pamodzi ndi nyimbo zake ndi ovomera "Tili tonse", imatha kudya mphindi 15 kapena 20. Mwana wa zaka 4 mpaka 7, wa kumkombaphala kapena wa Sitandade 1 ndi 2, sangakhale chete nthawi yonseyo ngati nthanoyo ikuwerengedwa papepala. Chomwe chimamukwana ndi ndime imodzi ya mawu 90 mpaka 120, ziganizo 9 mpaka 12, yowerengeka mokweza m'mphindi imodzi kapena imodzi ndi theka. Mawu a Chichewa ndi aatali, chifukwa liwu limodzi ngati "adapusitsanso" lanyamula wochita, nthawi, ntchito ndi kubwereza. Choncho mawu 100 a Chichewa amanena zambiri, ndipo musachite mantha ndi chiwerengerocho.

Ambiri akamafupikitsa amaganiza kuti phunziro ndi chiganizo chomaliza, chija choyamba ndi "Nthanoyi ikutiphunzitsa kuti". Ayi. Phunziro limakhala m'zimene zachititsa zinzake mkati mwa nthano: wina adachita chakuti, ndiye chakuti chidamugwera. Mukadula mfundo imodzi ya unyolo umenewo, phunziro lapita, ngakhale mutalilemba ndi zilembo zikuluzikulu kumapeto. Ntchito yonse ili pamenepa.

Yambani ndi nthano yonse

Musafupikitse nthano imene mukuikumbuka pang'ono. Ikambeni yonse mokweza, kapena pemphani wamkulu akukambireni, ndipo lembani zochitika zake mwandondomeko, chochitika chimodzi pamzere umodzi. Nthano iyi imasiyana mudzi ndi mudzi, choncho sankhani kakambidwe kamodzi ndipo mukhale pomwepo. Kamene tigwiritse ntchito pano kakuyenda chonchi.

Kudagwa chilala, mitsinje ndi madambo zidauma. Mfumu ya nyama idaitanitsa msonkhano ndipo onse adagwirizana zokumba chitsime. Kalulu adakana, nati iye amamwa mame. Nyama zidakumba mosinthana, iliyonse ndi nyimbo yake, mpaka madzi adatuluka. Zidaika lamulo loti Kalulu asamwe nawo, ndipo zidasankha Fisi kukhala mlonda. Kalulu adabwera usiku ndi zipanda ziwiri, china chopanda kanthu, china cha uchi. Adamulawitsa Fisi pang'ono, namuuza kuti zotsekemerazi amadya ndi womangidwa yekha. Fisi adalola kumangidwa ndi luzi. Kalulu adamwa, kutunga, kusamba, kuvundula madzi, n'kumapita. M'mawa nyama zidapeza Fisi ali chimangidwire. Zomwezo zidachitikira Njati, Kambuku ndi Mkango. Kamba adadzipereka, anzake namuseka. Adadzola ulimbo kumsana nakhala m'madzi ngati mwala. Kalulu adaponda, phazi lidamatirira. Adamenya ndi phazi lina, lidamatiriranso, mpaka miyendo yonse. Kamba adamunyamula kupita naye kubwalo. Mlandu udazengedwa, chilango chidali imfa. Kalulu adawauza yekha kaphedwe kake, kuti amugwire mchira n'kumuzunguza. Mchira udaduka, iye n'kuthawa.

Mukawerenga mupeza zochitika zoposa 20. M'ndime imodzi simungalowe zonsezi.

Sankhani phunziro limodzi musanadule kanthu

Apa ndi pofunika kukhalapo nthawi, chifukwa nthano yaitali kawirikawiri imasenza maphunziro angapo. Iyi ili ndi anayi. Loyamba, wokana kugwira ntchito ndi anzake sayenera kudya nawo phindu lake. Lachiwiri, wamng'ono wonyozeka amatha kuchita zimene zalephera akuluakulu. Lachitatu, dyera limamangitsa munthu, monga lidamangitsira Fisi ndi Mkango chifukwa cha uchi. Lachinayi, lomwe akuluakulu amasangalala nalo koma aphunzitsi salifuna, ndi lakuti wochenjera amapulumuka ngakhale atagwidwa.

Ndime imodzi imanyamula phunziro limodzi lokha. Lilembeni pamwamba pa pepala lanu m'chiganizo cha mbali ziwiri, cholumikizidwa ndi "chifukwa" kapena "ndiye", ndipo mutchule dzina la mtengambali. "Ulesi ndi woipa" si chiganizo chothandiza, popeza sichikuuzani chodula ndi chosiya. Chothandiza ndi ichi: "Kalulu adakana kukumba, ndiye adataya mwayi womwa madzi." Mukayang'ana chiganizochi mwadziwa kale zinthu zitatu. Mwini nkhani ndi Kalulu. Chiyambi ndi kukana kwake. Mathero ndi kusowa kwake madzi. Mukadasankha phunziro lachiwiri, mukadalemba kuti "Nyama zidamuseka Kamba chifukwa ndi wamng'ono, koma ndiye adagwira Kalulu," ndipo mwini nkhani akadakhala Kamba, ndime yonse n'kusintha maonekedwe.

Posankha, ganizirani msinkhu. Mwana wa zaka 5 amamvetsa bwino za kusesa limodzi ndi kugawana, kotero phunziro loyamba limamufika msanga. La dyera limafuna mwana wokulirapo, chifukwa ayenera kuona kuti wolakwa si wopusitsa yekha komanso wopusitsidwa.

Yesani chochitika chilichonse

Tsopano bwererani kumndandanda wanu. Phimbani mzere umodzi ndi chala, werengani otsalawo, ndipo mudzifunse kuti: popanda mzere uwu, kodi mathero akumvekabe chifukwa chake? Ngati akumveka, mzerewo ungachoke. Ngati mwana angafunse kuti "Nanga bwanji?", mzerewo ndi mzati, usiyeni.

Chilala ndi mzati, chifukwa popanda icho palibe chokumbira chitsime, ndipo madzi sakhala a mtengo wapatali. Msonkhano wa mfumu si mzati, mawu awiri oti "zidagwirizana zokumba" akwanira. Kukana kwa Kalulu ndiye mzati waukulu. Kukumba kosinthana kuja, ndi nyimbo ya nyama iliyonse, kumakoma kwambiri pokamba koma kungachoke konse. Lamulo loti Kalulu asamwe ndi lomwe ambiri amaliiwala, ndipo kuliiwala kumaononga zonse. Popanda lamulolo, mwana amaona Kalulu waludzu amene akumanidwa madzi ndi nyama zankhanza, ndipo amamumvera chisoni. Mawu oti "chifukwa sadakumbe" ayenera kuoneka m'ndime yanu, zivute zitani.

Uchi ndi kumangidwa kwa mlonda zitsale, popeza ndi zomwe zikuonetsa kuti Kalulu sadangokana ntchito, adabanso mwachinyengo. Chipanda chachiwiri chichoke. Kudabwa kwa m'mawa kuchoke. Ulimbo utsale, chifukwa mukangoti "Kamba adamugwira", mwana aliyense amadziwa kuti kamba sangapeze kalulu pa liwiro, ndipo adzakutsutsani pomwepo. Bwalo la milandu lichoke.

Mukatero mutsala ndi zochitika 7 kapena 8. Zikaposa 9, pali china chimene mukuchisunga chifukwa mumachikonda, osati chifukwa nthano ikuchifuna.

Zobwerezabwereza

Nthano zathu zimatalika makamaka chifukwa cha kubwereza: mlonda woyamba, wachiwiri, wachitatu, wachinayi, aliyense ndi mawu omwewo. Pali njira ziwiri zolakwika. Ena amasunga alonda onse ndi chiganizo chimodzi aliyense, ndime n'kudzaza Kamba asanafike. Ena amachotsa onse n'kusiya Fisi yekha, ndiye Kamba amaoneka ngati wangobwera, ndipo Kalulu amaoneka ngati walakwa kamodzi kokha.

Njira yabwino ndi kukamba ulendo woyamba mokwanira, ndi mawu otuluka pakamwa pa Kalulu, kenaka maulendo enawo kuwamanga m'chiganizo chimodzi chachifupi. Chichewa chili ndi chida chake cha ntchitoyi, "-nso": "Adapusitsanso Njati, adapusitsanso Mkango." Mawu anayi okha, koma kubwereza kwa mneniyo kwasunga kayendedwe ka nthano, ndipo ana amakonda kunena nawo. Alonda akhale atatu, oyenda kuchoka kwa wochepa mphamvu kupita kwa wamkulu, kuti mwana aone yekha kuti ngakhale Mkango walephera. Kambuku wachoka chifukwa sakuonjeza china chatsopano.

Chimodzimodzi ndi miyendo inayi yomatirira. Pokamba pamoto pamenepo ndi poseketsa kwambiri, koma m'ndime imodzi mvekero umodzi ugwira ntchito yonse: "naponda pamwalapo, nganganga!"

Pomalizira nthano ndi pamene pamagamula phunziro

Mwana amatenga chimene wamva pomaliza. Mukamaliza ndi mchira woduka ndi Kalulu akuseka patali, wapambana ndi Kalulu, ndipo phunziro lasanduka lachinayi lija. Mukamaliza ndi chilango cha imfa, mwaopseza mwana wa zaka 4, ndipo akumbuka imfayo osati chitsime. Ena amathawira kopeka mathero atsopano, akuti Kalulu adalira, adapepesa, nakumba chitsime china. Izi sizoyenera. Kalulu wa m'nthano zathu salapa, ndipo mwana akadzamva nthano yonse kwa agogo ake adzasokonezeka kuti woona ndi uti.

Yang'anani m'nthano momwemo chotsatira chimene chikugwirizana ndi phunziro lanu. Kalulu adathawadi, koma pachitsime paja sakadabwereranso. Zonse ziwiri ndi zoona, ndiye nkhani ili pa kasanjidwe. Yerekezani ziganizo ziwirizi. "Kalulu sadamwenso madzi, koma adapulumuka nathawa." "Kalulu adapulumuka nathawa, koma sadamwenso madzi." Mawu ndi omwewo, koma chimene chabwera pambuyo pa "koma" ndicho chimatsala m'mutu. Choyamba chikuyamikira kuchenjera. Chachiwiri chikusunga phunziro lanu popanda kunamizira nthano.

Nanga mchira? Ngati cholinga chanu ndi kufotokoza chifukwa chimene kalulu ali ndi mchira waufupi, imeneyo ndi ndime ina, yoyambira pabwalo la milandu. Musaziphatikize.

Lembani, ndipo onani kusiyana

Nachi chitsanzo cha kufupikitsa kolakwika, kofala kwambiri:

"Kalulu adali waulesi komanso wochenjera. Nyama zidakumba chitsime koma iye sadathandize. Ankaba madzi mpaka Kamba adamugwira. Nthanoyi ikutiphunzitsa kuti tisamachite ulesi."

Palibe bodza m'menemo, koma si nthano, ndi lipoti. Chiganizo choyamba chagamula kale mlandu, mwana alibe choti adzionere yekha. Palibe amene wayankhula. Sitikudziwa kuti ankaba bwanji kapena kuti adagwidwa bwanji. Ndipo chiganizo chomaliza chikugwira ntchito imene nkhani yalephera kugwira.

Tsopano onani iyi:

"Padangokhala, kudagwa chilala ndipo mitsinje yonse idauma. Nyama zidagwirizana zokumba chitsime, koma Kalulu adakana, nati, 'Ine ndimamwa mame.' Madzi atatuluka, nyama zidati Kalulu asamwe nawo chifukwa sadakumbe, ndipo zidaika Fisi kukhala mlonda. Usiku Kalulu adabwera ndi uchi nauza Fisi kuti, 'Uchi uwu amadya womangidwa.' Fisi adalola kumangidwa, ndipo Kalulu adamwa madzi, kusamba n'kuthawa. Adapusitsanso Njati, adapusitsanso Mkango. Kenaka Kamba adati, 'Lero ndilondera ine,' nyama zonse n'kumuseka. Kamba adadzola ulimbo kumsana nakhala chete m'madzi ngati mwala. Kalulu adafika, nakondwa kuti palibe mlonda, naponda pamwalapo, nganganga! Kamba adamunyamula mpaka kwa anzake. Kalulu adapulumuka nathawira kutali, koma sadamwenso madzi a pachitsime chimene adakana kukumba."

Ndi ziganizo 11, mawu pafupifupi 100. Liwu loti ulesi silikupezekamo, koma mwana alipeza yekha pa "Ine ndimamwa mame." Mawu otuluka pakamwa ndi atatu, onse osaposa mawu anayi, ndipo ndi amene ana adzayambe kubwereza. Mawu omaliza, "adakana kukumba", akubwezera mwana ku chiganizo chachiwiri, kotero chiyambi ndi chotsatira zakumana popanda wina kulalikira. Kuseka kwa nyama kwasiyidwa ngakhale kuli kwa phunziro lachiwiri, chifukwa kwangodya mawu atatu ndipo kumachititsa mwana kufuna kudziwa chimene Kamba achite. Kukadafuna ziganizo ziwiri kukadachoka.

Zolakwika za m'chiyankhulo

Vuto lalikulu pofupikitsa m'Chichewa ndi la mgwirizano. Kalulu, Fisi ndi Kamba onse amatenga "a-" pa mneni, ndipo onse amatenga "-mu-" akakhala ochitiridwa. Mukalemba kuti "Adamuuza kuti amumange, ndipo adamumanga," wamkulu akhoza kulingalira, koma mwana sadziwa womanga ndi womangidwa. M'nthano yaitali mawu a wokamba ndi manja ake zimathandiza. Papepala palibe zimenezo. Lamulo lake ndi lakuti wochita akasintha, bwerezani dzina. N'chifukwa chake dzina la Kalulu likutchulidwa kangapo m'ndime yathu, ndipo musaone ngati ndi kutaya mawu.

Mayina ena amabweretsa vuto lina. Njovu ndi Njati amati "idati", Mkango amati "udati", pomwe okamba ena amawapatsa ulemu, "a Njovu adati". Zonse zimamveka, koma sankhani chimodzi. Mukayamba ndi "a Njovu adati" musadzati "Njovu idakwiya" m'chiganizo chotsatira. Chimodzimodzi ndi nthawi yakale: ena amati "adapita", ena "anapita". Zonse ndi zovomerezeka, koma ndime imodzi iyende ndi imodzi.

Ziganizo zisapose mawu 14 kapena 15, ndipo zisinthane, chachitali ndi chachifupi. Chenjerani ndi mtima wofuna kusunga zambiri pozilumikiza ndi "ndipo", "kenaka", "choncho" m'chiganizo chimodzi cha mawu 30. Papepala chimaoneka ngati mwafupikitsa, koma powerenga mpweya umakutherani, ndipo chimenecho ndicho chizindikiro chake. Atengambali oyankhula kapena ochita kanthu asapose atatu. Ena angotchulidwa podutsa, monga Njati ndi Mkango. Ndipo musalowetse munthu kumapeto amene sadaonekepo koyamba. Mukachotsa msonkhano wa mfumu, musalembenso kuti "Kamba adapita naye kwa mfumu", chifukwa ana adzafunsa kuti mfumu yake iti.

Mawu achilendo akhale amodzi kapena awiri basi. Mwana wa ku Ndirande kapena ku Kawale mwina sadaonepo ulimbo. Musauchotse n'kuikapo guluu, popeza nthano ndi imodzi mwa njira zimene mwana amaphunzirira mawu otere. Onjezani liwu limodzi lomuthandiza, "ulimbo womata", kapena fotokozani musanayambe kuwerenga. Koma mukaika ulimbo, luzi ndi chipanda m'ndime imodzi, mwanayo aima katatu ndipo nkhani imuthawa.

Mwambi ndi chiganizo cha phunziro

Ngati buku kapena kalasi ikufuna kuti phunziro lilembedwe, liikeni pamzere wake pansi pa ndime, lalifupi, ndipo likhale lofanana ndi chimene chachitikadi: "Wokana kukumba samwa nawo." Chenjerani ndi miyambi. "Mutu umodzi susenza denga" umafika msanga m'maganizo chifukwa nyama zidakumba limodzi, koma mwambiwo ukunena za ntchito yolephereka kwa munthu mmodzi, ndipo m'ndime yathu palibe amene adayesa kukumba yekha. Choipa china n'chakuti Kamba adagwira Kalulu ali yekha, ndiye mwana wanzeru aona kuti mwambi ndi nthano zikutsutsana. Kuli bwino kusiya popanda mwambi kusiyana ndi kuika wosagwirizana.

"Padangokhala" musachotse. Ndi liwu limodzi, ndipo limauza mwana kuti iyi ndi nthano. Powerenga mokweza imani pang'ono pakutha pa chiganizo chilichonse kuti ana avomere "Tili tonse". Kuvomerako sikuwerengedwa m'mawu 100 aja, koma kumaonjeza nthawi, ndipo n'chifukwa china chosafunira ziganizo zoposa 12.

Yesani pa ana enieni

Werengerani ana awiri kapena atatu a msinkhu umene mwalembera, kamodzi kokha, osafotokoza kanthu. Musawafunse kuti "Mwaphunzirapo chiyani?", chifukwa adzakupatsani yankho loloweza la kusukulu, "tizimvera makolo", ngakhale nthano ili ya china. Funsani za m'nkhani. Bwanji nyama zidamuletsa Kalulu kumwa? Kamba adamugwira bwanji? Pamapeto Kalulu zidamuthera bwanji? Kenaka pemphani mmodzi akambire mnzake.

Mayankho awo akulozerani pamene pali vuto. Akati nyama zidamuletsa chifukwa zimadana naye, ndiye kuti "chifukwa sadakumbe" yabisika pakati pa chiganizo chachitali, ichotseni muipatse chiganizo chakechake. Akati Fisi ndiye adamanga Kalulu, vuto ndi la mgwirizano, bwerezani dzina: "Kalulu adamanga Fisi." Akati Kalulu adapambana, chiganizo chomaliza chapereka malo ambiri ku kuthawa, chotsani "nathawira kutali" musiye "adapulumuka" yekha. Akamangokamba za uchi n'kuiwala chitsime, gawo la Fisi lakula kuposa kukana kwa Kalulu, ndiye chepetsani kumeneko ndipo onjezani mawu atatu kapena anayi pa kukumba, monga "Nyama zidakumba mpaka kutopa", kuti mwana amve kulemera kwa ntchito imene Kalulu adaithawa. Sinthani chinthu chimodzi pa ulendo umodzi, ndipo ulendo wachiwiri muwerengere ana ena amene sadaimvepo, chifukwa oyamba aja akudziwa kale mayankho.